Makatani a Madamu

Aliyense wa mumsewu umene uja ankamudziwa Make Mapasa pa zinthu ziwiri: msoko wowongoka ndi mtima wapachala. Ankasokera m'kachipinda kakumbuyo kwa sitolo yogulitsa misomali ndi penti, momwe munali makina awiri, tebulo lodulirapo nsalu ndi benchi ya makasitomala imene mwendo wake umodzi anachita kuuchirikiza ndi njerwa. Ntchito anaiphunzira m'shopu ya makatani, komwe anakhala zaka khumi ndi chimodzi akupinda mipendero ya anthu ena, mpaka tsiku lina anayambana ndi kapitawo chifukwa cha sizasi, n'kunyamula chikwama chake osatsanzika. Mapasawo, atsikana onse, anali ku sekondale tsopano, koma dzina linakakamira.

Mtima wapachalawo unkagwira anthu a m'nyumba, ogulitsa ulusi ndi ana oponya mpira pakhomo. Kasitomala ayi. Kasitomala ankamusekerera, mkwiyo n'kuumeza, kukaulavulira kunyumba.

Mwamuna wake anali dalaivala wa bwana wina wamalole. Akazi a bwanayo, amene aliyense ankangowatchula kuti Madamu, anamanga loji ya zipinda khumi ndi ziwiri, zisanu ndi chimodzi mbali iyi ya kolido, zina mbali inayo, chipinda chilichonse mazenera awiri. Ntchito ya makatani inabwera kudzera mwa mwamunayo, ndipo anaibweretsa monyadira ngati wapha nyama.

Tsiku loyeza anayenda ndi Madamu chipinda ndi chipinda, tepi m'khosi. Anawafunsa ngati akufuna layiningi, nsalu yachiwiri yoika kumbuyo kwa katani kuti dzuwa lisapyoze. Madamu anati ayi, nsalu imene agula ndi yochindikala kale, asawonongerenso ndalama. Anagwirizana mtengo umodzi wa ntchito yonse, theka poyamba, theka pomaliza. Madzulo Make Mapasa anatumiza uthenga pafoni: makatani a mazenera makumi awiri ndi anayi, nsalu yanu, ulusi, tepi ndi mahuku zanga, kupachika komwe, masabata atatu. Madamu anayankha kuti zili bwino. Za layiningi sanalembemo, poti nkhaniyo inali itatha pakamwa.

Masabata atatuwo sanangowatchula. Lolemba la sabata yachinayi ankayenera kuyamba madiresi makumi asanu ndi limodzi a sukulu ina ya mkaka, ntchito imene ahedi a pasukulupo ankamupatsa chaka ndi chaka.

Cholakwa chake choyamba chinali kuvomera kusamutsira makina kuloji. Madamu anati mipukutu ya nsalu ndi yolemera, ndiponso kachipinda kake kaja n'kafumbi. Anamupatsa chipinda chachitatu, chopanda bedi, chonunkha penti. Kunena zoona munali mosokera bwino, mowala, pansi pa matailosi. Koma munalinso moyandikana ndi ofesi ya Madamu.

Lachitatu la sabata yoyamba Madamu anasuzumira.

"Amake Mapasa, kanthu kakang'ono chabe. Timalamba tomangira makatani masana. Tidutswa tikutsalati tisatayike."

"Chabwino, Madamu."

Zenera lililonse linali ndi makatani awiri. Timalamba makumi anayi ndi asanu ndi atatu, kalikonse kudula, kusoka, kutembenuza, kusita, kuika kamphete. Tsiku ndi theka linapita.

Sabata yachiwiri anabwera ndi nsalu yoyera. "Poti makina ali pompano, zikwama za mapilo. N'zowongoka izi, mukhoza kusoka mutatsinzina." Zinali makumi awiri ndi zinayi. Mawa lake maepuloni asanu ndi limodzi a atsikana operekera zakudya, okhala ndi thumba kutsogolo. Kenako anthu a pamalopo anaona kuti chipinda chachitatu n'chitsime cha aliyense. Manijala anabweretsa jekete yothothoka batani. Wophika anabwera ndi thalauza yong'ambika pakati, n'kuiponya patebulo pamwamba pa nsalu ya makatani, akununkha anyezi.

"Madamu akuti mutithandize."

Make Mapasa anaisoka thalauzayo mano ali gwa, akuponda makina ngati akuponda mutu wa njoka. Singano inathyoka. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolowo unali utadya masiku anayi. Ulusi wake, singano zake, msana wake, mtengo uli pomwe paja.

Lolemba la sabata yachitatu anali atapachika zipinda zisanu ndi zitatu. Cham'ma eyiti koloko Madamu anamuitanira m'chipinda cha kum'mawa. Dzuwa linali litalowa m'nsalu muja, chipinda chonse chili ngwee ngati mulibe katani.

"Mukuona? Mlendo angagone muno? Muike layiningi. Onse. Nsalu ndigula lero."

Kuika layiningi m'katani losoka kale ndiye kulitsitsa, kusomola tepi yapamwamba, kusomola mipendero ya m'mbali, kusokanso, kusita, kukweranso makwerero. Ndi ntchito yoposa kusoka latsopano.

"Madamu, paja tsiku loyeza lija ndinafunsa..."

"Si tinagwirizana makatani? Nanga katani loonetsa dzuwa ndi katani? Inu ndinu amisiri, munayenera kudziwa."

Anatuluka, zidendene zikulira pa matailosi. Make Mapasa anaima pomwepo, akuyang'ana makatani ake okongolawo.

Kunyumba ndiye kunagwa mvula yamatalala. Mwamuna wake anangovula nsapato, nkhani inayamba.

"Madamu anu aja amandiyesa chiyani? Makina a m'nyumba mwawo? Anandigula pamodzi ndi mabedi?"

"Tatsitsani mawu, Amake Mapasa, aneba akumva."

"Amve! Ndasoka thalauza ya wophika ine. Mukundimva? Ya wophika! Mawa andiuza ndisoke matanti a malole."

"Pirirani. Kwatsala pang'ono. Mukudziwa kuti ife timadya za anthu amene aja."

"Timadya? Ine ndimadya za singano yanga. Inu mukuopa chiwongolero chanu, ndiye ine ndikhale chopondera?"

"Ndine ndinakupezerani ntchitoyo."

"Munandipezera goli."

Mwamunayo anatsegula wailesi. Chimene chinamuwawa kwambiri Make Mapasa n'chakuti mantha a mwamuna wake sanali opanda pake. Zaka zisanu ndi zinayi pa ntchito imodzi, ndipo bwanayo ankamva za Madamu.

M'mawa mwake anafika kuloji atatsimikiza chimodzi mwa ziwiri: kunyamula makina n'kuchoka monga anachokera kushopu kuja, kapena kuyamba kusomola. Ali pakati poganiza, anamva mawu a Madamu kuseri kwa zenera. Ankalankhula ndi pulambala, bambo wadazi, wochedwa kulankhula, amene anali atatha mwezi akuika mapaipi m'mabafa.

"Bambo, kanthu kakang'ono. Poti muli pompano, mutiikire mpopi panja apa wothirira maluwa."

Make Mapasa anasiya nsalu n'kutchera khutu.

"Mpopi ungakhale bwino pamenepa, Madamu, ndipo ndingaike. Koma pa zimene tinalemba zija palibe. Ndiyeze kaye kuti paipi ichokere pati, masana ndikupatsani mtengo wake ndi masiku. Mukavomera ndiyamba ndikamaliza mabafa. Mukafuna ndiyambe mpopi, ndiye kuti mabafa achedwa tsiku limodzi."

"Aa, bambo, kampopi kamodzi?"

"Kamodzi ndithu. Koma kukumba, paipi, simenti. Ndikulemberani muone nokha."

"Chabwino, lembani."

Basi. Thambo silinagwe. Madamu anapita osanyanyala. Apa mkwiyo wa Make Mapasa unachita kuwirikiza. Kani amadziwa! Kani akudziwa bwinobwino kuti ntchito yowonjezera ili ndi mtengo wake, amangosankha wofewa!

Pa nthawi yopuma anamutsatira pulambalayo pakhonde lakumbuyo, pomwe ankamwa tiyi atakhalira chidebe. Anamufotokozera zonse, manja akuuluka.

"Lero ndiwauza maso ndi maso. Ndiwauza kuti ndi akuba!"

"Mukatero mutaya theka lotsala lija, n'kutayanso mbiri," anatero pulambala. "Achemwali, ndikufunseni. Pa timalamba paja munati chiyani?"

"Ndinati chabwino."

"Pa mapilo?"

Pulambala anamwako tiyi, n'kupitiriza.

"Ndiye mwawaphunzitsa nokha. Kupempha si mlandu. Kasitomala aliyense amapempha, ena sadziwa n'komwe kuti akuwonjezera. Ine sindikana ntchito. Ndimati eya, mtengo wake uwu, masiku ake awa, ndipo ndimanena ndisanagwire chitsulo. Muli ndi cholembedwa?"

Anamuonetsa uthenga uja. Pulambala anawerenga akugwedeza milomo.

"Mwayi wanu. Chokhacho, mukadalembanso zimene mulibe. Kuti opanda layiningi. Zimene mulibe ndi zimene zimayambanitsa anthu."

"Ndiye timalamba tanga, mapilo anga, ndiwalipiritse."

"Ayi. Zimenezo zapita. Munavomera osatchula mtengo, mukatchula lero muoneka inu wachinyengo. Zilembeni kuti azione, koma mulembe kuti n'zaulere. Kenako muwapatse njira ziwiri kapena zitatu asankhe okha. Anthu ngati aja sakonda kukanizidwa, amakonda kusankha."

"Masiku anayi athunthu aulere!"

"Sukulu imalipiridwa, achemwali. Ine yanga ndinalipira ndi zimbudzi zitatu."

Make Mapasa sanaseke. Anabwerera m'chipinda chachitatu, n'kung'amba pepala m'kope la miyezo. Loyamba analemba mokanikiza mpaka bolopeni inaboola. Munali mawu akuti ukapolo. Analikwinya. Lachiwiri linali ndi mawu akuti monga mukudziwa bwino lomwe, ndipo nalonso analikwinya, poti ankamva yekha kuti mukununkha ndewu. Pepala lachitatu linali louma ngati lisiti.

Asanapite nalo anaimbira ahedi a sukulu ya mkaka, kuwafunsa ngati madiresi angachedwe masiku atatu. Ahedi anadandaula, anati makolo amavuta, koma atatu okha, osapitirira.

Madamu anali mu ofesi, akuwerenga makatoni a makapu. Make Mapasa anagogoda ngakhale chitseko chinali chotsegula. Anakumbukira kupereka moni, anafunsa za kunyumba, kenako anaika pepala patebulo ndi manja awiri.

"Madamu, za layiningi zija mwaona bwino, dzuwa likulowadi. Ndalemba kuti tione limodzi mmene tingachitire. Pamwambapa ndi zimene tinagwirizana, monga zilili mu uthenga uja: mazenera makumi awiri ndi anayi, kusoka ndi kupachika. Kwatsala zipinda zinayi, Loweruka ndimaliza. Apa pakati ndi zimene ndawonjezera, timalamba, mapilo, maepuloni. Zimenezi sindikulipiritsani, ndi zanga zokufunirani mafuno abwino pa loji yatsopano."

Mawu omalizawa anatuluka ngati akumeza mwala.

"Pansipa ndi layiningi. Ndi ntchito yatsopano, ili ndi mtengo wake ndi masiku ake. Njira zilipo zitatu. Yoyamba, kusomola onse n'kusokera layiningi mkati. Imeneyo ndi masiku khumi, ndipo ndingayambe mwezi wamawa, chifukwa ndili ndi ntchito ya sukulu imene ndinalonjeza kale. Yachiwiri, layiningi yapayokha, yokhala ndi tepi yake, yokoleka kumbuyo pa mahuku omwewo. Sitisomola kanthu, ndipo pochapa mumangoichotsa. Tikaika m'zipinda zisanu ndi chimodzi za kum'mawa zokha, komwe dzuwa limadzutsa anthu, ndi masiku atatu, ndimaliza Lachitatu, loji isanatsegulidwe. Yachitatu, tisiye mmene zilili, muone kaye alendo anena chiyani."

Madamu sanayang'ane njirazo. Anayang'ana manambala.

"Ndiye mwayamba kundilembera makalata?"

"N'kuti tisaiwale, Madamu. Pakamwa pamaiwala."

"Ine ndinakupatsani ntchitoyi chifukwa cha amuna anu. Matelala ndi ambiri m'tauni muno. Ndimati ndikuthandiza banja."

Apa panali pomwe Make Mapasa wakale akanagubuduza tebulo. Anamva mawu akubwera, otentha, okonzeka kale: kuthandiza banja n'kulisandutsa bulu? Anagwira tepi ya m'khosi mwake n'kuikulunga kuchala mpaka chala chinachita dzanzi.

"Ndikuthokoza kwambiri, Madamu, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna ntchito yanu ituluke bwino. Koma mtengo tinapangana uja unali wa makatani opanda layiningi. Nditati ndiike mu mtengo womwewo, ndiye kuti ndikugwira sabata ndi theka popanda malipiro, ndipo ana asukulu atsegulira opanda madiresi. Zimenezo sindingathe."

"Simungathe."

"Sindingathe, Madamu. Koma zitatuzi ndingathe, iliyonse mungasankhe."

"Nanga nsalu za pamatebulo? Ndimati ndikuuzeni mawa."

Kani kunali kukubweranso zina!

"Mundiuze kuchuluka kwake ndi miyezo, ndikupatsani mtengo."

Madamu anapinda pepalalo kawiri n'kuliponya m'dirowa. "Ndikambirana ndi bwana. Pitani."

Masiku awiri otsatira anali oipa. Madamu ankadutsa pakhomo pa chipinda chachitatu osayang'anamo. Manijala anasiya kupereka moni. Wophika anabweranso ndi malaya, Make Mapasa n'kumuuza mwaulemu mtengo wosokera kolala ndi malo a shopu yake, ndipo wophikayo anabwerera akung'ung'udza kuti anthu ena akangoona matailosi amayamba matama. Kunyumba mwamuna wake ankadya chamumtima. Atamva za pepala anangoti, "Mwandiphera ntchito," n'kukakhala panja.

"Ngati ntchito yanu imadalira kuti mkazi wanu azigwira ulere, ndiye si ntchito, ndi chikole," anamukuwira kudzera pazenera. Kenako anabwerera kukhitchini. Anatsuka mbale imodzi katatu.

Lachinayi madzulo mwamunayo anabwera nkhope itamasuka pang'ono. Anati bwana anaitchula nkhaniyo m'galimoto, ali pa foni ina, mosalabadira. Akuti anangoti, "Akazi ako amalemba makoteshoni bwino kuposa makaniko wanga," kenako n'kumuuza akhotere kokamwetsa mafuta. Palibenso china.

"Ndiye mwaona?" anatero Make Mapasa.

"Ndaona kuti mwachita mwayi."

"Mwayi! Masiku anayi aulere, ukuti mwayi!"

Make Mapasa anali atamutchula mwamuna wake kuti iwe, ndipo ndewu inayambiranso pamenepo.

Lachisanu m'mawa Madamu analowa ndi pepala lija. Anasankha njira yachiwiri. Anati mtengo wakwera, achotseko. Make Mapasa anati mtengo ungatsike ngati zipinda zichepa, zinayi m'malo mwa zisanu ndi chimodzi. Madamu anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti zikhale zisanu ndi chimodzi. Make Mapasa anapempha kuti asayine pansi pa njirayo, ndipo anasayina mokalipa, bolopeni ikulira. Nsalu za pamatebulo anakapereka kwa telala wina, ndipo anaonetsetsa kuti Make Mapasa wamva.

Loweruka anapachika zipinda zinayi zotsala. Lolemba mpaka Lachitatu anasoka layiningi n'kukoleka. Lachinayi m'mawa, asananyamule makina, analowa yekha m'chipinda cha kum'mawa chija n'kutseka makatani. Munali mdima wabwino. Madamu anabwera, anayang'ana, anagwira nsalu kumbuyo, osanena kuti zili bwino kapena zaipa. Malipiro onse anatuma manijala.

Madiresi a sukulu anafika pa tsiku limene analonjeza kachiwiri lija, koma anachita kusoka ndi Lamulungu lomwe, msana ukuyaka, ndipo ahedi anamuuza mosabisa kuti chaka chamawa sadzamvanso za loji. Kuyambira pamenepo, uthenga uliwonse wa mtengo umene Make Mapasa ankatumiza unkakhala ndi mizere iwiri, wa zimene zilimo ndi wa zimene mulibe. Makasitomala ena ankaseka, ena ankaipidwa, mmodzi anachoka. Makina sanawatulutsenso m'kachipinda kake, ngakhale munthu alonjeze zotani. Madamu sanamuitanenso, ndipo akakumana pamsewu ankangokweza zala ziwiri ali m'galimoto.

Pa tsiku lotsegulira loji sanaitanidwe. Mwamuna wake ndiye anapita, kukatuta alendo. Anabwera madzulo n'kumupeza akudula nsalu patebulo la pabalaza, mapasa akulemba za kusukulu pambali.

"Anthu ayamikira makatani," anatero akuvula jekete. "Amayi ena mpaka anajambula."

Make Mapasa sanadzutse mutu, koma sizasi inaima. "Ndiye Madamu anati chiyani?"

Mwamunayo anakanda kumutu. Anayang'ana ana, anayang'ana chitseko.

"Anati anaitanitsa kunja."

"Kunja!"

Mapasa anatola makope awo mwakachetechete n'kulowa kuchipinda.

"Kunja kwake kuti? Chipinda chachitatu ndi kunja? Zala zanga izi ndi za kunja? Ndiye inu munali pomwepo, pakamwa pali pululu, makiyi m'manja?"

"Ndikanati chiyani, Amake Mapasa? Ine ndi dalaivala."

Anamuyang'ana mwamuna wakeyo, wotopa, kolala itanyowa thukuta, ndipo mawu ena amene anali atafika kale pamilomo anawabweza. Anatsonya mokweza, anakoka nsalu, n'kuyika choko pomwe anasiyira.

"Madzi osamba ali pamoto," anatero. "Musathe onse."